Sabata imene msika wa Chinamwali unafiira ndi matimati

Ndinali nditangomaliza Fomu 2 pamene ine ndi achemwali anga tinayamba geni ya matimati. Munali mu Ogasiti 2019, sukulu titatsekera. Achemwali anali atalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankangokhala pakhomo kudikira zotsatira. Amayi anatenga K20,000 ku banki mkhonde n'kutipatsa ngati mpamba, ndipo anatiuza momveka kuti ndalamayo ndi ngongole, iyenera kubwerera. Ndikulemba izi poganizira atsikana ndi anyamata amene pa holide amafuna kuyesa kageni, chifukwa zimene zinatigwera m'sabata yachitatu zikanapeweka tikanadziwa chinthu chimodzi chokhudza mtengo. Mitengo imene nditchule ndi ya chaka chimenecho. Kwacha inagwa mphamvu mu 2022 komanso mu 2023, ndiye musaiyerekeze ndi ya lero. Muone mmene inkayendera basi.

Timakhala ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Matimati tinkakaoda kwa bambo ena amene ali ndi dimba cha kumunsi, kutsata msewu wa ku Jali. Tinkalawira m'bandakucha, kufika kudimba mame asanakamuke, ndipo pobwera dengu linkakwera kabaza ife tikutsatira pambuyo. Dengu limodzi tinkaoda K8,000 ndipo munkakhala matimati pafupifupi 300. Tinkadziwa kuti 20 apita ku banyira ndi kuphwanyika panjira, choncho otsalawo tikawaika asanuasanu ankatuluka milu 56. Mulu unali K200. Dengu lonse likatha tinkagwira K11,200, ndipo tikachotsa ya dengu, ya kabaza, chiphaso cha msika ndi majumbo, phindu linkatsala cha m'ma K2,000.

Masabata awiri oyamba zinthu zinayenda mwa myaa. Dzuwa likamapendeka dengu linkakhala litatha. Achemwali ndi amene ankasunga ndalama pa mfundo ya chitenje, ine ndinkalemba m'kope langa lakale la masamu. Ndinkakonda ntchito yopanga milu: anayi pansi, limodzi pamwamba, lofiira kwambiri kuliyang'anitsa kumene kukuchokera anthu. Ndinkawapukuta ndi kansalu konyowa mpaka awale. Mumtima mwanga K200 ija inali itakhazikika ngati mtengo wa buledi m'golosale. Ndinkaganiza kuti mulu wa matimati asanu ndi K200 basi, lero, mawa ndi mkuja.

Lolemba la sabata yachitatu tinapita kudimba masana, kuti tikaode katundu wa Lachiwiri. Tinapeza madengu ali ndandanda pansi pa mtengo wa mango, odzaza kale. Kale bambo aja tinkachita kuwanyengerera kuti atithyolere, koma tsiku limenelo anatilandirira kutali.

"Ana anga, lero ndikupatsani K6,000 dengu. Tengani ambiri."

Tinayang'anana ndi achemwali. Ine masamu anali atathamanga kale m'mutu: madengu anayi, lililonse K11,200, ndiye kuti pafupifupi K45,000. Achemwali anakayikira pang'ono. Anati, "Iwe, anayi tiwamaliza liti?" Ndinawayankha kuti mwayi sudziwika ngati ubweranso mawa. Tinapereka K24,000, mpamba wonse wa amayi ndi gawo la phindu lathu, kenako K2,000 ya makabaza. Zonse pamodzi K26,000.

Palibe mwa ife amene anafunsa chifukwa chimene bambo aja anatsitsira mtengo tisanawapemphe. Mlimi amene wathirira mbewu ndi ndowa miyezi itatu satsitsa mtengo chifukwa cha chifundo. Amatsitsa chifukwa matimati apsa onse nthawi imodzi, a mnzake wa dimba loyandikana apsanso, ndipo oodawo ndi omwe aja. Chizindikiro chinali pamaso pathu. Pobwerera tinadutsana ndi njinga zambiri zonyamula madengu kulowera kutauni, ndipo ine ndinangoti anthu alimbikira.

Lachiwiri m'mawa titafika pamsika ndinaima kaye. Mzere wathu, umene masiku onse tinkakhala anthu asanu ndi mmodzi ogulitsa matimati, unali utafika mpaka kumsewu. Amayi ena amene sindinawaonepo anali atayala masaka pansi. Alimi ena anabwera okha ndi njinga zawo, osadzera kwa mavenda. Anthu ankanenanso kuti usiku kunafika galimoto ya matimati kuchokera ku Ntcheu kumsika waukulu wa m'tauni, ndipo ena mwa katunduyo anali atafalikira kuno. Paliponse panali psuu.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti aliyense ankaitanirabe K200. Ndinapumira m'mwamba n'kuyamba kupanga milu yanga ya asanu. Patapita kanthawi achemwali anandikodola.

"Tawerenga mulu wa mayi awo."

Ndinawerenga. Anali asanu ndi atatu.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, ndipo ndikufuna muzimvetse bwino. Pamsika wa zamasamba mtengo umayamba kugwa mwakachetechete. Ndalama imene akuitanira imakhala yomweyo, chimene chimasintha ndi kukula kwa mulu ndi banyira. Matimati asanu pa K200 ndiye kuti limodzi ndi K40. Asanu ndi atatu pa K200 ndiye kuti limodzi ndi K25. Mtengo unali utagwa kale kwambiri ngakhale pakamwa pa anthu pankatulukabe K200 yomwe ija. Munthu wongomva ndi makutu sangadziwe. Pamafunika kuwerenga ndi maso.

Pafupi nafe pankakhala mayi ena achikulire amene aliyense ankangowaitana kuti Anganga. Agulitsa pamsikapo kuyambira ife tisanabadwe. Ataona madengu athu anayi anapukusa mutu.

"Mwaoda angati, adzukulu?"

"Anayi, Anganga."

"Ohoo. Gulitsani lero lomwe. Mawa kudzakhala koipa kuposa lero."

Achemwali anamvera nthawi yomweyo n'kuyamba kuwonjezera milu. Ine zinandiwawa. Ndinatulutsa kope n'kuwaonetsa kuti timati limodzi latidyera pafupifupi K22 tikaphatikiza kabaza, ndiye tikagulitsa K25, kuchotsa chiphaso, majumbo ndi ophwanyika, tikugwirira ntchito yaulere. Ndinati tidikire, alimi awa akamaliza katundu wawo abwerera kwawo ndipo mtengo udzuka. Achemwali anati kasitomala safunsa kuti tinaoda zingati. Tinakangana mpaka mawu anakwera, anthu n'kumatiyang'ana. Mapeto ake achemwali anakoka madengu awiri n'kuwaika mbali yawo.

"Awa ndi anga, awo ndi ako. Lachisanu tidzawerengetsana pamaso pa amayi."

Tsiku limenelo linali lalitali. Makasitomala athu akale, amene ankatidziwa ndi kutipatsa moni, ankafika, kuyang'ana mulu wanga, kuyang'ana wa achemwali, n'kugula wa achemwali. Mayi wina amene ankagula kwa ine tsiku lililonse ananyamula timati langa limodzi, kulitembenuza, n'kunena kuti, "Abwino ndithu, koma mwana wanga, asanu?" Anabweza n'kusuntha mapazi awiri okha. Pofika madzulo achemwali anali atagulitsa milu 40 n'kugwira K8,000. Ine ndinagulitsa milu 9, ndipo ambiri mwa ogulawo anali anyamata otumidwa amene sayang'ana kawiri.

Lachitatu msika unafika pa matimati khumi pa K200. Achemwali anatsatira, anagulitsa milu 20. Ine ndinagulitsa 6. Madzulo ake ndikubweza katundu m'dengu, chala changa chinalowa m'timati lina la pansi. Nditatulutsa dzanja linali lonyowa, ndipo kafungo kowawasa kanandimenya. Tizilombo ting'onoting'ono tinauluka kuchoka m'dengumo. Ndinayamba kufukula, ndipo ndinapeza kuti mzere wonse wa pansi unali utaphwanyika chifukwa cha kulemera kwa apamwamba, madzi ake n'kuyamba kuoletsa oyandikana nawo. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Lachinayi ndinagonja, koma msika sunandidikire. Mulu unali utafika pa K100, wa matimati asanu ndi atatu. Mtengo umene ndinaukana Lachiwiri unali utapita, ndipo tsopano ndinkagulitsa theka lake. Achemwali anali atamaliza: otsala awo ochepa anawapereka K500 kwa mayi wina wophika nsima pamsika, kenako anabwera kudzakhala mbali yanga kundithandiza kuitanira. Sananene chilichonse chondinyoza. Ankangosankha olimba n'kumapanga milu. Tinagulitsa milu 25. Lachisanu ndinataya matimati cha m'ma 150 pa dzala la kuseri kwa msika, ndipo ofewa otsalawo mayi wa nsima uja anawatenga onse pa K1,000.

Madzulo tinakhala pamkeka ndi amayi n'kutsegula kope. Aliyense katundu wake anali wa K13,000. Achemwali anabweza K12,500. Ine ndinabweza K6,500. Matimati anali a dimba limodzi, othyoledwa tsiku limodzi, ogulitsidwa pamalo amodzi. Ndinalira, chifukwa ndinkadziwa kuti amayi ayenera kukabweza ngongole ija ndi chiwongoladzanja.

Loweruka ndinapitabe kumsika ngakhale tinalibe katundu, ndipo ndinakhala pafupi ndi Anganga kuwathandiza kusadzula masamba. Ndinawafunsa funso limene linkandivuta: matimati atchipa chonchi, bwanji anthu sakugula ambiri? Anaseka n'kundifunsa kuti kwathu timathira matimati angati mu ndiwo. Ndinati awiri, mwina atatu. Anati, "Nanga akatchipa muthira makumi awiri?"

Yankho limenelo linanditsegula maso. Mphika wa usipa kapena mpiru uli ndi malire ake. Matimati akatchipa, mayi amene ankathira awiri akhoza kuthira anayi, ndipo amene ankaphika opanda timati akhoza kugulako mulu, koma zimathera pomwepo. Mabanja ambiri alibe fuliji, ndiye sangagule a sabata ziwiri. Choncho katundu akachuluka kawiri kapena katatu, ogula sachuluka nawo chimodzimodzi. Ogulitsa timayamba kulimbirana anthu omwe aja, ndipo njira yolimbirana ndi imodzi yokha, kuwonjezera mulu. Mmodzi akawonjezera, woyandikana naye ayenera kuwonjezeranso, apo ayi angokhala kuingitsa ntchentche. Umu ndi mmene mtengo umatsetserekera popanda munthu woulamula.

Sabata imeneyo ogula analinso atachepa. Sukulu zogonera komweko, zimene zimagula matimati ambiri nthawi imodzi, zinali zotseka. Unalinso pakati pa mwezi, anthu apantchito asanalandire. Katundu anakwera pamene ogula anatsika, zonse nthawi imodzi.

Za chifukwa chimene matimati anachulukira ndinazimva kwa bambo a kudimba aja titabwererako. Mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, madzi amaphwa m'madambo ndipo aliyense amene ali ndi dimba amafesa. Mbande zimakhala pa nazale pafupifupi mwezi umodzi, kenako zikawokeredwa pamadutsa miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti uyambe kuthyola. Werengani nokha muona kuti onse amakafika pamsika kuyambira mu Ogasiti kupita m'tsogolo. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi matimati amapsa pang'onopang'ono, koma kukangoyamba kutentha amafiira motsatizana, ndipo timati likapsa silidikira kuti mlimi apeze wogula. Bambowo anawonjezera kuti chaka chimenecho anthu ambiri m'mudzi mwawo anadzala matimati chifukwa anaona anzawo atapha makwacha nyengo yapitayo. Mtengo wabwino wa dzulo ndi umene unaitana anthu ambiri kudzala, ndipo kuchuluka kwawoko ndi kumene kunaugwetsa.

Bambowo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinadzimvera ndekha. Ife tinaluza ndalama za sabata imodzi. Iwo anali atagula mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera, atathirira m'mawa ndi madzulo kuyambira mu Meyi, ndipo tsiku limenelo dengu ankagulitsa K3,500. Kumapeto kwa mizere ina matimati anali atagwa okha pansi, osatoledwa, chifukwa ndalama yolipira wothyola ndi njinga inkaposa imene akanapeza.

Cholakwa changa chenicheni chinali m'kope muja. Masamu anga anali olondola, timati linatidyeradi K22. Koma K26,000 ija inali itapita kale Lolemba, ndipo kukana kugulitsa sikukanaibweza. Funso loyenera Lachiwiri m'mawa linali lakuti, pa matimati ali m'manjawa, ndipeza zambiri ndikagulitsa lero kapena ndikadikira? Pa katundu woola, msika ukusefukira, yankho ndi lero. Ndikudikira ndinkaluza mbali ziwiri: mtengo unkatsika tsiku ndi tsiku, katundunso ankachepa m'dengu. Tikanakhala ndi nyemba kapena mtedza nkhani ikanakhala ina, chifukwa zimenezo ukhoza kumanga thumba n'kusunga miyezi mpaka mtengo utadzuka. Matimati ofiira, kunja kukutentha, amakupatsa masiku atatu kapena anayi basi.

Sindikunena kuti nthawi zonse mnzako akawonjezera mulu iwenso uwonjezere. Nthawi zina amakhala munthu mmodzi amene akufuna kumaliza katundu wofewa kuti azipita, ndipo akachoka msika umabwerera mwakale. Kusiyanitsa kwake ndi kuyang'ana kumene katundu akuchokera. Ngati watsitsa ndi mmodzi, ukhoza kupirira. Ngati mlimi mwini wake watsitsa, nkhope zachilendo zadzaza mzere, njinga zikulowabe ndi madengu, ndiye kuti ndi nyengo, ndipo sitha mawa.

Tinatsala ndi K19,000 ndi kaphindu kochepa ka masabata oyamba. Amayi anati tisasiye. Tinasintha kachitidwe. Achemwali ankayamba apita kumsika m'mawa kukawerenga milu ya anthu atatu kapena anayi, kenako n'kundiimbira foni ndili kudimba. Ndikadziwa kuti mulu uli ndi matimati angati pa ndalama zingati, ndinkawerengera chobwerera m'mbuyo kuti ndione mtengo umene sindingapitirire pooda. Mwachitsanzo, mulu ukakhala wa asanu ndi atatu pa K100, matimati 280 amatuluka milu 35, ndiye kuti K3,500 dengu lonse. Pamenepo dengu la K3,500 ndi lodula, ngakhale likumveka lotchipa. Tsiku lotero ndinkanenerera mpaka K2,000, ndipo zikakanika ndinkabwerako chimanjamanja. Kunali kowawa kuyenda ulendo wonsewo pachabe, koma mpamba unkagona m'nyumba wathunthu.

Tinasiyanso kuoda madengu ambiri. Limodzi basi, nthawi zina theka, ndipo ndinkasankha ndekha kuti gawo lina likhale la matimati ongoyamba kufiira, amene akhoza kugona masiku angapo. Kunyumba sitinkawasiyanso m'dengu. Tinkawayala pamkeka pamthunzi, osasanjikiza, ndipo m'mawa uliwonse tinkapatula ofewa kuti agulitsidwe oyamba. Anganga anatiphunzitsa kuika anyezi ndi timabotolo ta mafuta ophikira pambali pa matimati. Munthu amene wagula matimati otchipa amatsala ndi chenji m'manja, ndipo chenjiyo imagwera pa anyezi. Masiku ena phindu lonse linkachokera pamenepo. Ophwanyika pang'ono amayi ankawadula mopyapyala, kuwawaza mchere n'kuwayanika pa lichero, ndipo tinadzawadya nthawi ya dzinja.

Sukulu itatsegulira mu Sepitembala ndinabwerera m'kalasi, achemwali anapitiriza okha. Ngongole ya banki mkhonde inatha kubwezedwa mu Okutobala.

Mu Febuluwale 2020, Loweruka lina mvula ikuwaza, ndinapita kukawathandiza. Mzere uja umene unkafika kumsewu unali ndi ogulitsa matimati atatu okha. M'dzinja matimati amavuta kulima: madimba amamira, ndipo chinyezi chimabweretsa chiwawu chimene chimaumitsa masamba ndi kuoletsa zipatso, moti amene akolola ndi okhawo amene akwanitsa kupopera mankhwala pafupipafupi. Achemwali anali ndi beseni limodzi la timatimati ting'onoting'ono, tina ta mawanga, ta mtundu umene mu Ogasiti tikanataya ku dzala. Mulu unali wa atatu pa K300. Mayi uja amene anandibwezera timati langa anafika ataphimba ambulera, anatola mulu umodzi, n'kupempha banyira.

"Pepani mayi, lero palibe," anatero achemwali.

Mayiwo analipira n'kumapita. Beseni linatha isanakwane 11 koloko, ndipo tinanyamuka kukafunsa bambo a kudimba aja ngati angatisungireko ena a Lolemba.